Ndiwalembere chiyani a ku akaunti kontirakiti ya sapulaya isanasainidwe?

"Zikomo akatswiri. Ndimagwira ntchito mu ofesi yogula katundu pa kampani ina yopakira zakudya ku Kanengo. Tagwirizana ndi sapulaya wa ku Blantyre kuti azitipatsa makatoni kwa zaka ziwiri, ndipo kontirakiti yake, ya masamba 23, isainidwa Lachisanu. Abwana andiuza kuti nditumize imelo kwa a ku akaunti yofotokoza mwachidule mfundo zikuluzikulu. Sindinalembepo yotere. Ndikuopa kusiya chinthu chofunika, komanso ndikuopa kulemba zambiri zoti sawerenga n'komwe. Ndakutumizirani kontirakitiyo nditafufuta mayina. Ndiyambire pati?"

Achemwali, mtima m'malo. Ntchito imeneyi mutha kuimaliza madzulo amodzi, ndipo sikufuna kuti mukhale loya. Chimene chimalemetsa anthu ambiri n'chakuti amayesa kufupikitsa kontirakiti yonse, ndime ndi ndime, kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. A ku akaunti sakufuna zimenezo. Iwo akatsegula imelo yanu m'mutu mwawo muli mafunso ochepa: ndalama zituluka zingati, zituluka liti, n'chiyani chingazikweze, ndipo zinthu zikavuta tituluka bwanji mu mgwirizanowu, pa mtengo wanji. Ndime iliyonse imene siyankha limodzi mwa mafunso amenewa isiyeni mu kontirakiti momwemo. Makulidwe a katoni, mtundu wa inki, chizindikiro cha kampani chikhale mbali iti, zonsezo n'zofunika kwa a ku fakitale, koma a ku akaunti alibe nazo ntchito.

Ndawerenga masamba amene mwanditumizira, ndipo tiyeni tiyende nawo limodzi, chifukwa muli zinthu zingapo zimene zandikhalitsa tsonga.

Tiyambe ndi nambala yaikulu. Pa ndime 4 alemba kuti katoni imodzi ndi K1,200, ndipo mukuyembekezera kumatenga makatoni 20,000 pa mwezi. Anthu ambiri amalemba zomwezi mu imelo n'kuona ngati amaliza. Koma amene asaine Lachisanu sakuvomereza K1,200. Akuvomereza K24,000,000 mwezi uliwonse, imene pa miyezi 24 ikukwana K576,000,000. Nambala imeneyi iwerengeni nokha ndipo muiike m'mizere yoyambirira, ngakhale kuti mu kontirakiti simuipeza paliponse. Chifukwa chake n'chakuti makampani ambiri ali ndi malire a ndalama imene bwana aliyense angasainire payekha. Oda ya K24,000,000 mwina mkulu wa zachuma angathe kuivomereza, koma mgwirizano wopitirira theka la biliyoni kawirikawiri umafuna mkulu wa kampani kapena bodi. Ndaonapo kontirakiti itasainidwa ndi munthu wopanda mphamvu yoisainira chifukwa aliyense ankangoyang'ana mtengo wa chinthu chimodzi, ndipo nkhaniyo inadzaphulika maodita atabwera. Choncho funsani mu imelo yomweyo kuti pa ndalama imeneyi woyenera kusaina ndani.

Muigawenso malinga ndi zaka za bajeti. Mgwirizanowu ukuyamba pa 1 Julayi. Ngati chaka chanu cha zachuma chimayenda kuchokera Januwale mpaka Disembala, ndiye kuti zaka ziwirizi zikugwera m'mabajeti atatu: K144,000,000 m'miyezi isanu ndi umodzi yotsala chaka chino, K288,000,000 chaka chamawa, ndi K144,000,000 ina chaka chinacho. Funso loyamba limene mkulu wa ku akaunti adzadzifunse ndi lakuti kodi K144,000,000 ya chaka chinoyi inalowa mu bajeti. Mukamugawira kale chonchi, angoyang'ana mzere umodzi m'buku lake n'kukuyankhani.

Tsopano za msonkho, pamene ndaona dzenje loyamba. Ndime 4 sikunena ngati K1,200 ili kale ndi VAT kapena ayi. Yangoti mtengo ndi umenewo, basi. Musaganizire m'malo mwa sapulaya. Tiwerengere ndi 16.5 peresenti, mlingo umene tinauzolowera kwa zaka zambiri, ndipo inu mudzaike umene MRA ikugwiritsa ntchito tsiku limene mukulemba. Pa K24,000,000, VAT ndi K3,960,000, kutanthauza kuti invoisi ya mwezi ikhala K27,960,000. Ngati inu mukuganiza kuti msonkhowo ulimo kale pamene sapulaya akuganiza kuti adzauwonjezera pamwamba, mwasiyana pafupifupi K4,000,000 mwezi ndi mwezi, ndipo mudzazindikira tsiku limene invoisi yoyamba idzafike. Ena anganene kuti palibe vuto chifukwa VAT imadzatibwerera powerengera ndi MRA. N'zoona, koma pali malire ake. Imakubwererani ngati sapulaya analembetsa VAT ndipo akupereka invoisi yovomerezeka ndi MRA, komanso ngati katundu amene inu mumagulitsa sali m'gulu losakhudzidwa ndi VAT. Kampani yogulitsa katundu wa m'gulu limenelo sibwezeredwa VAT imene inalipira pogula zipangizo, imangosanduka mbali ya mtengo. Popeza mumapakira zakudya, ndipo zakudya zina zili m'gulu limeneli, funso ili ndi la a ku akaunti enieniwo. Inu ntchito yanu ndi kuwaonetsa kuti ndimeyo yakhala chete, ndi kupempha kuti mawu amodzi awonjezedwe asanasaine.

Pali msonkho wina umene kampani yanu imadula polipira sapulaya n'kukaupereka ku MRA, umene a ku akaunti amaufupikitsa kuti WHT. Pa kugula katundu ngati uyu ndi 3 peresenti, ndipo amawerengera pa mtengo wopanda VAT. Pa K24,000,000 ndiye K720,000, kotero sapulaya alandira K27,240,000 m'malo mwa K27,960,000. Sapulaya amene ali ndi satifiketi ya MRA yomuchotsera msonkho umenewu sadulidwa, koma satifiketiyo imakhala ndi tsiku lothera. Chifukwa chake ndikutchula izi n'chakuti ndime 6.4 yanu ikuti malipiro azichitika "popanda kuchotsapo kanthu kalikonse". Mawu amenewa akaumirizidwa, sapulaya atha kunena kuti K720,000 ija muilipire inuyo pamwamba. Pa miyezi 24 ndi K17,280,000. Lembani mzere umodzi wokha: ndime 6.4 ikuletsa kuchotsa ndalama polipira, sikutchula WHT, ndipo satifiketi ya sapulaya ndaiphatikiza, kapena sanatipatse. Muphatikizenso TPIN yake, nambala imene analembetsera msonkho ku MRA, ndi satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho, chifukwa popanda zimenezi a ku akaunti ambiri satsegula n'komwe dzina la sapulaya m'makina awo.

Tikafika pa nthawi yolipira ndi pamene ndikufuna tikhale pansi pang'ono, chifukwa apa ndi pamene imelo zambiri zimanama mosadziwa. Wolemba amangoti "kulipira m'masiku 30". Masiku 30 kuchokera liti? Ndime 6.1 ikuti kuchokera tsiku lolembedwa pa invoisi. Si tsiku limene makatoni afika ku Kanengo, si tsiku limene a ku sitolo awerenga katundu n'kusaina kuti alandira, ndipo si tsiku limene invoisi yafika pa desiki ya a ku akaunti. Sapulaya amalemba invoisi tsiku limene lole ikupakira ku Blantyre. Lole ija igona m'njira, a ku sitolo awerenga mawa lake, pepala lolandirira katundu lidikira siginecha ya bwana amene wapita ku msonkhano, ndipo likamafika ku akaunti sabata yatha kale.

Ndiyeno pitani mukafunse mmene kampani yanu imalipirira masapulaya. Tiyerekeze kuti imalipira kamodzi pa mwezi, pa 25, ndipo imangotenga mainvoisi amene afika pasanakwane pa 15. Invoisi yolembedwa pa 18 Julayi yaphonya ulendo wa Julayi, idikira pa 25 Ogasiti. Koma malinga ndi kontirakiti inayenera kulipidwa pofika pa 17 Ogasiti. Mwachedwa masiku 8 popanda aliyense kulakwitsa kanthu. Tsegulani ndime 6.3: chiwongoladzanja cha 3 peresenti "pa mwezi uliwonse kapena mbali ya mwezi". Mawu akuti mbali ya mwezi akutanthauza kuti masiku 8 aja awerengedwa ngati mwezi wathunthu, ndipo pa K27,960,000 ndi K838,800. Izi zitha kumabwera mwezi ndi mwezi. Palibe munthu wa ku ofesi yogula katundu amene angaone vuto limeneli payekha, ndipo palibe wa ku akaunti amene angalione ngati imelo yangoti "masiku 30". Limaoneka pokhapokha mawu enieni a ndimeyo akakumana ndi munthu wodziwa kalendala ya malipiro. Kukonza kwake n'kosavuta ngati simunasaine: masiku 30 aziwerengedwa kuchokera tsiku lolandira katundu ndi invoisi yolondola, kapena akhale 45, ndipo chiwongoladzanja chiziwerengedwa pa tsiku.

Dipoziti nayo ili ndi zake. Ndime 5 ikufuna 30 peresenti ya oda ya miyezi itatu yoyamba, pasanathe masiku 7 chisainireni. Miyezi itatu ndi K72,000,000, choncho dipoziti ndi K21,600,000, imene azibweza pochotsa K3,600,000 pa invoisi iliyonse kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mukasaina Lachisanu lino, ndalama imeneyi iyenera kutuluka pofika Lachisanu linalo. Ngati sabata imeneyo ndi ya malipiro a antchito, kapena ndi imene kampani imapereka misonkho ya mwezi, a ku akaunti akufunika kudziwa lero. Komanso sindikuona paliponse pamene sapulaya akupereka chikole pa dipozitiyo. Nthawi zambiri timapempha kalata ya banki kapena ya kampani ya inshuwalansi yolonjeza kubweza ndalamayo ngati katundu sabwera. Popanda kalata imeneyi, kampani yanu ikubwereketsa K21,600,000 kwa munthu popanda chogwira m'manja. Mwina abwana anu akudziwa ndipo avomera chifukwa amamudalira sapulayayo. Zili kwa iwo, koma azivomere akuziona zolembedwa.

Ndime imene yandidetsa nkhawa kuposa zonse ndi 7, ya kusintha kwa mtengo. Ikuti kwacha ikagwa mphamvu ndi 5 peresenti kapena kuposerapo poyerekeza ndi dola, mtengo wa katoni ukwera "mofanana". Sapulaya sakulakwa kufuna chitetezo chotere, chifukwa pepala lopangira makatoni amaligula kunja. Tonse tikukumbukira Meyi 2022 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndi Novembala 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kapena cha pamenepo kufika pa K1,700. Amene anasaina mitengo yosasintha anapsa zala. Koma taonani chimene mawu akuti "mofanana" akuchita. Zitachitikanso ngati za 2023, katoni ya K1,200 ifika K1,728. Pamene katoni si pepala lokha: muli malipiro a antchito, magetsi a ESCOM, lendi ya fakitale, zonse zolipidwa mu kwacha. Tiyerekeze kuti zochokera kunja ndi 60 peresenti ya mtengo, kapena kuti K720. Mbali imeneyi yokha ikakwera ndi 44 peresenti, katoni ifika pafupifupi K1,517. Kusiyana kwa K211 pa katoni kukuoneka kochepa, koma pa makatoni 20,000 ndi ndalama yoposa K4,200,000 mwezi uliwonse.

Palinso zimene ndimeyi sinanene. Sinatchule kuti mtengo wa dola tiziutenga kuti: ku Banki Yaikulu ya Reserve, ku banki ya sapulaya, kapena pamsika wa m'misewu, umene nthawi zina umatalikirana kwambiri ndi wa boma. Sinanene ngati mtengo udzatsike kwacha ikapeza mphamvu. Sinaike denga, ndipo sinakupatseni ufulu wotuluka mtengo ukakwera kupyola muyeso wina. Mu imelo musalembe kuti "mtengo utha kusintha malinga ndi dola", chifukwa mawu amenewo aliyense amangogwedeza mutu n'kupitirira. Lembani chitsanzo chimodzi ndi manambala ake monga ndachitira apa. Munthu wa zachuma akaona K1,728 pafupi ndi K1,517 sangadumphe mzerewo. Ndipo ndime iyi ipitenso kwa loya, chifukwa malamulo athu a ndalama zakunja amaletsa kutchula mitengo kapena kulipiritsa m'ndalama zakunja pa malonda a m'dziko momwe muno, choncho kalembedwe ka ndime yomangirira mtengo ku dola kayenera kuonedwa ndi wodziwa malamulowo.

Ndime 8 ikukukakamizani kutenga makatoni osachepera 15,000 pa mwezi, ndipo pa katoni iliyonse yoperewera mulipira 40 peresenti ya mtengo. Mwezi umene makina awonongeka kapena malonda atsika n'kungotenga 9,000, mwapereweza 6,000, ndipo mulipira K2,880,000 pa makatoni amene simunawaone. Ndimeyi ikutipatsanso nambala yachiwiri yofunika kuika pamwamba pa imelo: mukamatenga 15,000 yokha mwezi uliwonse, mgwirizano wonse ndi K432,000,000. Musanatumize imelo, tengani maoda a miyezi 12 yapitayi muone kuti ndi miyezi ingati imene munatenga makatoni ochepera 15,000. Ngati ilipo iwiri kapena itatu, nenani, ndipo pemphani kuti muyesowo uziwerengedwa pa miyezi itatu pamodzi kuti mwezi wabwino uzikwirira woipa.

Za kutuluka mu mgwirizano ndi zachidule koma musazisiye. Ndime 15 ikuti mukafuna kuthetsa nthawi isanakwane mulipira ndalama ya miyezi itatu ya muyeso wotsika uja, imene ndi K54,000,000. Ndime 16 ikuti mgwirizano udzadziwonjezera wokha chaka china ngati simupereka chidziwitso cholemba masiku 90 usanathe. Ukutha pa 30 Juni, kotero tsiku lomaliza ndi 1 Epulo. Musalembe kuti "masiku 90", lembani tsikulo ndi chaka chake, ndipo pemphani kuti liikidwe pa kalendala ya ofesi ziwiri zonse. Pakadutsa zaka ziwiri mwina inu mudzakhala mutasamukira ku dipatimenti ina, koma imelo yanu idzakhala ili mu fayilo.

Tsopano kalembedwe kake. M'maofesi ambiri imelo yotere imalembedwa m'Chingerezi, ndipo mwina inunso muchita chomwecho. Ndakulemberani m'Chichewa kuti muone kayalidwe kake, kamene sikasintha ndi chilankhulo. Mutu wake unene chinthu, ndalama ndi tsiku, mwachitsanzo: "Kontirakiti ya makatoni, K576 miliyoni: ndemanga zanu pofika Lachitatu 3 koloko, kusaina Lachisanu". Mutu wongoti "Onani kontirakiti" umakwiriridwa ndi maimelo ena pofika masana. Kenako thupi lake lingayende motere.

"Zikomo abwana. Ndaphatikiza kontirakiti ya makatoni imene ikuyembekezeka kusainidwa Lachisanu. Ndikupempha kuti pofika Lachitatu 3 koloko masana mundiyankhe ngati mukuvomereza, kapena munene zoti zisinthidwe, kuti Lachinayi ndikambirane ndi sapulaya.

Mgwirizano ndi wa miyezi 24 kuyambira pa 1 Julayi. Mtengo ndi K1,200 pa katoni (ndime 4). Pa makatoni 20,000 pa mwezi ndi K24,000,000, yonse pamodzi K576,000,000, ndipo K144,000,000 ikugwera mu bajeti ya chaka chino. Pa muyeso wotsika wa makatoni 15,000 (ndime 8) yonse ndi K432,000,000. Dipoziti ya K21,600,000 ikufunika pasanathe masiku 7 chisainireni, ndipo ilibe chikole (ndime 5). Kulipira ndi masiku 30 kuchokera tsiku la invoisi, kuchedwa ndi 3 peresenti pa mwezi kapena mbali ya mwezi (ndime 6.1 ndi 6.3). Kuthetsa msanga ndi K54,000,000 (ndime 15). Chidziwitso chokana kuwonjezera mgwirizano chiperekedwe pofika pa 1 Epulo m'chaka chomaliza (ndime 16).

Zimene ndikufuna maganizo anu ndi izi. Ndime 4 sikunena za VAT. Ndime 6.4 ikuletsa kuchotsa ndalama polipira ndipo sikutchula WHT. Ndime 7 ikukweza mtengo wonse kwacha ikagwa, popanda denga komanso osatchula gwero la mtengo wa dola: kugwa kwa 44 peresenti kufikitsa katoni pa K1,728, pamene kukweza mbali yochokera kunja yokha kungaifikitse cha pa K1,517. Kodi masiku 30 ochokera pa invoisi akugwirizana ndi kalendala yathu ya malipiro? Kodi pa ndalama imeneyi woyenera kusaina ndani?

Iyi ndi chidule chabe. Pamene pakusiyana ndi kontirakiti, zolondola ndi za mu kontirakiti."

Mwaona kuti yonse ikukwana pa tsamba limodzi. Pali zinthu ziwiri m'menemo zimene ndikufuna muzisamale. Choyamba ndi manambala a ndime. Mfundo iliyonse ikhale ndi nambala yake kuti wowerenga akakayikira atsegule tsambalo pompopompo. Amakuthandizaninso inuyo: mukalemba chinthu n'kulephera kupeza ndime yake, dziwani kuti munachimva pakamwa pa wogulitsa, sichili mu kontirakiti. Izi zimachitika kawirikawiri. Pa msonkhano sapulaya amati thiransipoti ndi yake, makatoni owonongeka adzasintha mwaulere, koma papepala palibe. Ndipo makontirakiti ambiri, kuphatikizapo yanuyi pa ndime 19, amanena kuti zolembedwazo ndiye mgwirizano wonse, zokambirana zam'mbuyo sizikuwerengedwa. Lonjezo lililonse lotere muliike mu gawo la mafunso, ndi mawu akuti zinanenedwa pa msonkhano koma sizinalembedwe.

Chachiwiri ndi kusiyanitsa zimene kontirakiti ikunena ndi zimene inu mwawerengera. K1,200 ndi ya mu kontirakiti. K576,000,000 ndi masamu anu, otengera makatoni 20,000. 60 peresenti ija ndi chiyerekezo, ndipo ndi bwino kufunsa sapulaya gawo lenileni. Nenani momveka chimene chili chiyerekezo, kuti wina asadzakutengeni ngati munalonjeza nambala.

Samalaninso ndi fayilo imene mukuphatikiza. Kontirakiti imasinthidwa kangapo pokambirana, ndipo m'kompyuta mumadzaza mafayilo a mayina ofanana. Tumizani yomaliza yeniyeni, yotsekedwa kuti isasinthidwe, ndipo tchulani tsiku lake mu imelo. Sapulaya akasintha kanthu Lachinayi, ngakhale mawu amodzi pa ndime ya ndalama, tumizaninso imelo yaifupi yonena chimene chasintha. Chivomerezo cha Lachitatu chinali cha pepala la Lachitatu. Tsiku losaina, tengani pepala limene lili pa tebulo muliyerekeze ndi limene a ku akaunti anaona, makamaka masamba a mitengo ndi zophatikiza za kumapeto, chifukwa mitengo ina monga ya thiransipoti ndi ya zidindo zosindikizira imakonda kubisala kumeneko.

Nambala ya akaunti ya banki ya sapulaya ikhale mu kontirakiti, ndipo pemphani ndime yonena kuti kusintha kwake kuzichitika ndi kalata yosainidwa, yotsimikizidwa poimbira foni munthu amene mumamudziwa kale. Akuba a pa intaneti amatumiza imelo yooneka ngati ya sapulaya yonena kuti tasintha banki, ndipo dipoziti yaikulu yolipidwa mothamanga ngati yanuyi ndi imene amaisaka.

Imeloyo ipite kwa mkulu wa zachuma ndi kwa amene amalipira masapulaya, chifukwa wachiwiriyu ndi amene amadziwa kalendala ya malipiro. Abwana anu alandire kope. Musatumize kwa ofesi yonse, mitengo ya sapulaya ndi chinsinsi cha kampani. Mukatumiza, yendani mukawauze pakamwa kuti pali imelo ikudikira, ndipo ngati Lachitatu lafika ali chete, musatenge kukhala chete ngati kuvomera. Akumbutseni, ndipo auzeni abwana anu kuti yankho silinabwere. Yankho likhale lolemba, ngakhale mzere umodzi.

Mwina mukudzifunsa ngati si kudzikweza kuti inu, amene mwangouzidwa kulemba chidule, muziloza zofooka mu kontirakiti imene akuluakulu anakambirana kale. Si kudzikweza ayi, bola mulembe ngati mafunso ndi manambala, osaloza munthu chala. Komabe muwaonetse kaye abwana anu musanatumize, kuti asadzidzimuke poona mafunsowo pamaso pa anzawo.

Pali malo atatu pamene imelo yokha sikwanira. Ndime 7 ya dola, ndime 15 ya kuthetsa mgwirizano, pamodzi ndi ndime iliyonse yonena za amene adzalipire zinthu zikawonongeka kapena komwe milandu idzaweruzidwe, zipite kwa loya wa kampani, ndipo mu imelo munene ngati waziona kale kapena ayi. Za VAT ndi WHT, ngati a ku akaunti akusiyana maganizo, afunse mlangizi wa zamisonkho kapena ofesi ya MRA asanasaine. Ndipo kwa owerenga ena amene amagwira ntchito m'boma kapena m'mabungwe a boma, kumeneko kuli malamulo ogulira katundu oyang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, ndipo imelo yotere singalowe m'malo mwa chivomerezo cha komiti yogula katundu.

Pa kontirakiti yanuyi, maganizo anga ndi akuti isasainidwe Lachisanu ngati ndime 4, 6.4 ndi 7 zikhala mmene zililimu. Zonse zitatu zitha kukonzedwa ndi mizere yochepa, ndipo sapulaya wofuna mgwirizano wa zaka ziwiri sangakane kudikira mpaka Lachiwiri. Tumizani imeloyo Lolemba m'mawa kuti a ku akaunti akhale ndi masiku awiri athunthu, ndipo madzulo ano yambani ndi kutulutsa maoda a miyezi 12 yapitayi.